Ndithandizeni: chifukwa chiyani 2-ethyl-4-methylpentane andithethera?

Wa Fomu 4 ku Ndirande: Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeniko. Pa mayeso oyeserera a kemisitiri anatipatsa ichi kuti titchule dzina lake:

```
CH3-CH(C2H5)-CH2-CH(CH3)-CH3
```

Ine ndinawerenga makaboni a pa mzere, ndinapeza asanu, ndiye ndinalemba 2-ethyl-4-methylpentane. Pepala labwera atathetha, osalembapo chifukwa. Zandipweteka chifukwa ndimaona ngati mutu umenewu ndinaumva. Ndalakwitsa manambala kapena chiyani?

Mayi wophunzitsa sayansi ku Chilomoni: Mwanawe, vuto layambira pa tcheni, manambala asanabwere n'komwe. Wakhulupirira mzere umene wajambulidwa mowongoka, koma tcheni chachitali chimaloledwa kukhota. C2H5 ili m'mabulaketiyo ndi makaboni awiri. Ika chala pa CH3 ya kumanja, uyende kupita kumanzere. Ukafika pa kaboni yachinayi pali mphambano. Ukapitiriza mowongoka utsala ndi kaboni imodzi, zonse zisanu. Ukakhotera mu C2H5 upeza ziwiri, zonse zisanu ndi imodzi. Ndiye dzina lithera ndi hexane. CH3 ya kumanzere imene waisiya ija ndiyo yasanduka nthambi, ndipo nthambi zonse ziwiri tsopano ndi methyl.

Kenako werenga kuchokera mbali zonse. Kuyambira kumanja, nthambi zili pa 2 ndi 4. Kuyambira ku C2H5 kuja zili pa 3 ndi 5. Timatenga 2 ndi 4, dzina n'kukhala 2,4-dimethylhexane.

Ana anga ndimawauza kuti ukalemba 2-ethyl pa dzina lothera ndi -ane, ima kaye, waphonya tcheni. Nthambi ya makaboni awiri pa kaboni yachiwiri ndi yaitali kuposa kamchira kamene kali pa 1.

Mkulu wina wa ku Bangwe: Zoona amayi. Za manambalazo ife tinkachita chidule: kuphatikiza. 2 ndi 4 ndi 6, 3 ndi 5 ndi 8, watenga yochepayo, basi.

Mayi wophunzitsa sayansi ku Chilomoni: Achimwene, pamenepa chidulecho chagwira, koma si lamulo, ndipo tsiku lina chimakugwetsani. Lamulo ndi kufananitsa nambala imodzi imodzi, pamene zayamba kusiyana mutenge yaing'ono. Tcheni cha makaboni khumi chokhala ndi ma methyl atatu chikhoza kupereka 2,7,8 mbali ina ndi 3,4,9 mbali inayo. Mukaphatikiza mupeza 17 ndi 16, musankha 3,4,9. Koma dzina lolondola ndi 2,7,8-trimethyldecane, chifukwa 2 ndi yochepa kuposa 3, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Mtsikana wa ku Zingwangwa: Pepani ndilowerere ndi langa. Ine ndinachita zomwe mukunenazi, nthambi ndinaipatsa nambala yochepa, koma anandithetheranso:

```
CH3-CH(CH3)-CH2-CH=CH2
```

Ndinalemba 2-methylpent-4-ene.

Mayi wophunzitsa sayansi ku Chilomoni: Iwe tcheni wachipeza bwino. Kungoti pakakhala bondi yowirikiza, iyo ndiyo imayamba kupatsidwa nambala yochepa, nthambi zimangolandira zotsala. Yambira ku CH2 ya kumanja, bondiyo ikhala pakati pa 1 ndi 2, methyl igwera pa 4. Dzina ndi 4-methylpent-1-ene. Ikakhala bondi ya mizere itatu n'chimodzimodzi, kungoti dzina lithera ndi -yne.

Wa Fomu 4 ku Ndirande: Zikomo kwambiri mayi, langa lija ndalimva. Koma m'buku lina ndaona 2-ethylpent-1-ene. Si munati 2-ethyl ndi chizindikiro cholakwa?

Mayi wophunzitsa sayansi ku Chilomoni: Ndinati pa mayina othera ndi -ane. Lako ili ndi ichi:

```
CH2=C(C2H5)-CH2-CH2-CH3
```

Muli njira ya makaboni asanu ndi imodzi, koma siitenga makaboni onse awiri a bondi yowirikiza. Mmene timaphunzitsira, tcheni chimayenera kudutsa mu bondiyo ngakhale chifupike, ndiye timatenga asanu, ethyl n'kutsala pa 2.

Mnyamata wa ku koleji: Mayi, ndi ulemu wonse, lamulo limenelo linasintha. Malangizo a IUPAC a 2013 amaika kutalika kwa tcheni patsogolo, ndiye chimenecho chimatchedwa 3-methylidenehexane.

Mayi wophunzitsa sayansi ku Chilomoni: Sindikutsutsa, achimwene, zinasinthadi. Koma mabuku amene ndikuphunzitsira ine akadali ndi njira yakaleyo, ena mpaka amalemba 1-pentene m'malo mwa pent-1-ene. Mwana wa Fomu 4 sindingamuuze kuti alembe methylidene pa pepala.

Mnyamata wa ku koleji: Nanga akadzafika kuno tidzayambenso kumumasula zimene anaphunzira?

Wa Fomu 4 ku Ndirande: Ndiye likabwera pa MSCE ndilembe liti? Lolemba ndikawafunsa aphunzitsi athu, koma ngati pali amene anachongako mayeso pagulu pano, chonde ayankhe.