Bokosi pa thabwa lopendekeka, wina akukoka: kodi N ndi zingati?

Wa Fomu 3, ku Mangochi Boma: Akuluakulu ndithandizeni, Fizikisi tilemba Lachisanu. Bokosi la makilogalamu 10 lili pa thabwa lopendekeka madigiri 30. Munthu akulikokera kumtunda ndi chingwe, mphamvu yake 50 N, ndipo chingwecho chapanga madigiri 30. Akuti tipeze nomo fosi, ija timailemba kuti N, ndipo g titenge 10. Ine ndapeza 100 N poti mg ndi 100. Mnzanga wina akuti 86.6, winanso 61.6. Kodi nomo fosi si kulemera komwe kuja?

Wa Fomu 4, ku Namwera: Ndi 86.6 basi. Pa chopendekeka nthawi zonse N = mg cos θ. Chingwecho anangochiyikamo kuti akusokoneze, chimagwira ntchito pa funso la kuyenda kwa bokosi.

Wa ku Makanjira: Koma ukamakoka chinthu si chimapepuka? Ndiye chotsani 50 pa 100, itsale 50.

Aphunzitsi opuma, ku Malindi: Ana inu, tiyeni pang'onopang'ono. Kulemera kwa bokosilo ndi 100 N, ndipo sikusintha kaya mwakoka kaya simunakoke. Dziko limalikokera pansi chimodzimodzi. N ndi nkhani ina: ndi mmene thabwa likukankhira bokosi, molunjika kuchoka pankhope pa thabwalo. Thabwa limangobweza zimene lapanikizidwa. Likapanikizidwa pang'ono, limabweza pang'ono.

Ndiye funsani kuti, ndi chiyani chikupanikizira bokosi pathabwa, nanga chikulizula ndi chiyani? Thabwa likapendekeka, kulemera kumagawika pawiri. Gawo lina limatsetsereka motsatira thabwa, 100 sin 30, yomwe ndi 50 N. Gawo lina limalowa m'thabwa, 100 cos 30, yomwe ndi 86.6 N. Pakanapanda chingwe, wa ku Namwera akanakhoza pomwepa.

Tsopano chingwe. Ngati chadzuka madigiri 30 kuchokera pathabwa, sichikungokokera kumtunda ayi, chikunyamulanso. Gawo lonyamulalo ndi 50 sin 30, kutanthauza 25 N. Bokosi silikumira m'thabwa, silikuulukanso, choncho zokankhira kunja ziyenera kufanana ndi zokankhira mkati:

N + 25 = 86.6

N yatsala 61.6 N.

Wa ku Makanjira: Nanga bwanji sitikuchotsa 50 yonse, aphunzitsi?

Aphunzitsi opuma: Chifukwa 50 yonseyo siyikuloza kunja kwa thabwa. Yambiri, 50 cos 30 kapena kuti 43.3 N, ikupita motsatira thabwa, ndipo imeneyo N siyimukhudza. Mukanachotsa yonse chingwe chikanaima chilili pathabwa, madigiri 90, komabe mukanaichotsa pa 86.6, osati pa 100.

Mayi wogulitsa usipa: Pepani kulowerera, ine za sin sindizidziwa. Koma anyamata akamakweza thumba mu lole pa thabwa, amene ali pamwamba n'kumakoka chokweza savutika ngati amene akukankha ali pansi. Kodi n'zomwezi?

Aphunzitsi opuma: Mbali ina n'zomwezo amayi. Fulikishoni imatsatira N. Wokoka chokweza amachepetsa N, thumba silikhulana kwambiri ndi thabwa. Wokankha ali pansi nthawi zambiri amaliunjikizira m'thabwa. Pa bokosi lathu lija, wina akalikankha chopingasa ndi 50 N, mofanana ndi pansi, gawo lolowa m'thabwa ndi 50 sin 30, 25 N yomwe ija, koma ulendo uno yowonjezera. N ikhala 111.6 N, kuposa kulemera kwa bokosilo. Amene analoweza kuti N siyingapitirire mg, aone pamenepa.

Chenjezo lina: N ikatuluka yochepera ziro, musailembe ngati yankho. Thabwa silikoka, limangokankha. Pa chingwe cha madigiri 30 chija, mukafika cha m'ma 173 N theka lake limakwana 86.6, N imatha, bokosi limayamba kuchoka pathabwa.

Wa Fomu 4, ku Namwera: Ndamva, koma dikirani aphunzitsi. Funsoli silinanene kuti madigiri 30 a chingwewo ayezedwa kuchokera pati. Ngati ndi kuchokera pansi pafulati, ndiye kuti chingwe chagona motsatira thabwa, poti nalonso ndi 30. Pamenepo sichinyamula kanthu, yanga ija ya 86.6 ikhoza.

Aphunzitsi opuma: Waona bwino mwana wanga, pamenepo sindikutsutsa. Koma mawu aja oti "nthawi zonse" uwasiye. Iwe wofunsa, chithunzi chikuonetsa bwanji? Kauta ka ngodyako kayambira pathabwa kapena pa mzere wa madontho wopingasa?

Wa Fomu 3: Ndinakopera pa bolodi, chithunzi anafufuta ndisanajambule. Ndifunsa mnzanga wapeza 61.6 uja ngati anachijambula. Nanga pa mayeso chikapanda kuoneka bwino nditani?

Wa Fomu 4, ku Namwera: Jambula chako, ulembe kuti ngodya waitenga kuchokera pati, kenako uwerengere. Ine ndimatero, kaya amapatsa malikisi onse kaya.