Ndizigulitsa mapaketi angati patsiku kuti ndisamaluze?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Ndili ndi benchi ya zokazinga m'mbali mwa msewu. Paketi ndimagulitsa 500, ndipo zolowa m'paketi imodzi, kuphatikiza mafuta, mchere ndi pepala lokulungira, zimakwana 300. Malo ndimalipira 39,000 pamwezi, mnyamata wondithandiza 3,000 patsiku, moto 2,500, thiransipoti 1,000. Ndimatsegula masiku 26. Madzulo ndalama zimaoneka m'thumba, koma pofika popikula zimapelewera.

Wageni Mnzanu: Zosavuta izi. Lendi igaweni ndi masiku 26 amene mumatsegula, osati 30, ndiye 1,500 patsiku. Kuphatikiza zinazo ndi 8,000. Mukagawa ndi 500, mapaketi 16 mwathana nazo.

Make Mapasa: Achimwene, pa lendi mwalasa, koma 16 ayi. Akagulitsa 16 agwiradi 8,000, koma 4,800 mmenemo ndi mpamba wa mapaketi omwewo, mawa akapikula ndi chiyani? Paketi iliyonse imangosiya 200, ndipo 200 imeneyo ndi imene imalipira malo, mnyamata ndi moto. Ndiye 8,000 kugawa ndi 200, mapaketi 40. Phindu limayambira pa paketi ya 41. Koma ndifunse ofunsawo: zotsala madzulo zimakhalapo?

Membala wobisa dzina: Zimakhalapo mayi, mwina mapaketi asanu. Mawa lake sizigulika, timangodya kunyumba.

Make Mapasa: Apo ndiye pakudontha. Asanuwo mwawalowetsera 1,500 yosabwerera. Ikani pa 8,000 paja, ikhale 9,500, mugawe ndi 200. Zikupereka 47 ndi theka, kutanthauza kuti muzigulitsa 48, mutakazinga 53. Chinanso, 300 mukunenayo musaikhulupirire msanga. Tsiku lina lembani zonse zimene mwapikula, kenako muwerenge mapaketi amene atulukadi. Dzanja limalemera popakira, makamaka kasitomala akakhala wodziwana naye, ndipo zina zimapserera. Mukapeza kuti paketi ikudya 330, yotsala ndi 170 basi, ndipo 40 uja wasanduka 48 musanawerengere n'komwe zotsala.

Dalaivala Wausiku: Ine ndimagula pamabenchi otere tsiku lililonse. Ingopezani malo poima magalimoto, muzigulitsa ngakhale 200 patsiku.

Wageni Mnzanu: Sanafunse za malo bwana. Mayi, ndavomera. Koma bwanji osangokweza kufika 550? Paketi izisiya 250, ndiye pa 9,500 ija mapaketi 38 akwana.

Make Mapasa: Pamasamu zili bwino, ngati benchi yoyandikana nayo ikwezanso. Apo ayi makasitomala angosuntha. Ndiponso pa zonsezi mwiniwake sanadzilipire. Mukafuna 4,000 yanuyanu patsiku pa mtengo wa 500 uja, onjezani mapaketi 20.

Wageni Mnzanu: Pamenepo sindikugwirizana nanu. Malipiro a mwini geni ndi phindu lomwelo, sangawerengedwe ngati zolipira.

Membala wobisa dzina: Panopa ndimagulitsa pakati pa 42 ndi 45. Ndiye ndichepetse zokazinga kaye, kapena mnyamatayu azibwera theka la tsiku?