Maminitsi awiri a msonkhano umodzi: enieni ndi ati?

Mlembi watsopano: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndasankhidwa kumene kukhala mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza, ndipo amene ndawalowa m'malo andisiyira fulashi ya maminitsi a zaka zisanu. Msonkhano wa pa 13 Malichi 2021 uli ndi mafayilo awiri, `minutes final.docx` ndi `minutes final2.docx`. Ina ikuti tinagwirizana kukonzetsa denga la mosungira katundu ndi K450,000, inayo ikuti K540,000, moti mamembala ayamba kuwakayikira amene anali msungichuma, zomwe zikundiwawa chifukwa ndi mayi amene ndimawadziwa bwino. Ndikhulupirire iti, nanga ndizisunga bwanji kuti wodzandilowa m'malo asadzavutike chonchi?

Mnyamata wa makompyuta: Bambo, yang'anani pamene palembedwa `Date modified`. Imene ili ndi deti la pambuyo ndiyo yokonzedwayo.

Mayi amene akhala mlembi zaka zambiri: Achimwene, detilo limangosonyeza tsiku limene munthu anasunga fayiloyo komaliza, ngakhale atangosintha chilembo chimodzi, koma silinena kuti komiti inavomereza chiyani. Bambo mlembi, pezani maminitsi a msonkhano wotsatira, pamene a m'Malichi anawerengedwa, muone ngati panalembedwa kuti nambalayo ikonzedwe, kenako mufunefune pepala limene wapampando anasayina. Losayinidwalo ndilo umboni, osati zili mu fulashi.

Kuyambira lero, dzina la fayilo liziyamba ndi deti la msonkhano, osati la tsiku limene mwatayipa, ndipo muzitsogoza chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, kuti mafayilo azindandalika okha motsatana:

```
2021-03-13_komiti_maminitsi_v01.docx
2021-03-13_komiti_maminitsi_v02.docx
2021-03-13_komiti_maminitsi_ovomerezedwa.pdf
```

Mukasintha chilichonse musanapite kumsonkhano, muzikweza nambala ya kumapeto kwa dzina la fayilo, kuchoka pa v01 kupita pa v02, osafufuta fayilo yakale. Akavomerezedwa, wapampando asayine, alembe deti ndi kuika zilembo zoyamba za dzina lake patsamba lililonse kuti wina asadzasinthe tsamba lapakati, ndiyeno inu mujambule masamba onse kukhala PDF imodzi. Cholakwika chikadzapezeka pambuyo pake, musagwirenso osayinidwawo: chilembeni m'maminitsi a msonkhano umene chatulukira, motchula deti ndi nambala ya mfundo imene mukukonza.

Mkulu wa mpingo: Ife timalemba pamanja m'buku lachikuto cholimba, lokhala ndi manambala patsamba lililonse, ndipo munthu akang'amba tsamba timadziwa msanga. Koma buku lathu lina chiswe chinalidya theka mu kabati ya m'vesitili, moti tsopano timajambula masamba pa foni.

Mlembi watsopano: Zikomo nonse. Mayi, maminitsi a mu Epulo ndawapeza, koma akungoti “maminitsi apitawo anawerengedwa ndi kuvomerezedwa”, osatchula ndalama, ndipo pepala losayinidwa silikuoneka.

Mayi amene akhala mlembi zaka zambiri: Pamenepo musasankhe nokha. Tengani mafayilo onse awiri, malisiti a malata ndi sitetimenti ya kubanki ya miyezi imeneyo, mukaziike pamaso pa komiti, ndipo chimene idzagamule chilembedwe ngati mfundo yatsopano. Dziwani kuti lisiti lidzaonetsa ndalama zimene zinatuluka, osati zimene munagwirizana, choncho mufunsenso amene analipo tsikulo ngati wina anasunga kope lake.