Thandizeni mawu othokoza mlangizi wa zaumoyo pa mwambo wa boma

Wofunsa: Abale pagulu pano, thandizeni. Komiti yandisankha kuti ndikayankhule pa mwambo wa boma lathu wolemekeza mayi ena, mlangizi wa zaumoyo, amene amayenda wapansi mitunda italiitali kukaona odwala. Andipatsa mphindi zitatu zokha. Ndalemba kuti "ndi mayi odzipereka, olimbikira, achikondi", koma ndikawerenga ndikumva kuti mawuwa angayenere aliyense. Ndinene chiyani?

Namwino wopuma: Mwaona bwino achimwene. Mawu amenewo anthu amawomba m'manja n'kuiwala. Aonetseni ulendo umodzi. Musanalembe, khalani pansi ndi mayiwo komanso wowayang'anira, mufunse zitatu: mudzi wakutali kwambiri uli pa makilomita angati, amapitako kangati pa sabata, ndipo amanyamula chiyani. Tiyerekeze kuti ndi makilomita 9, kawiri pa sabata. Kupita ndi kubwera ndi 18, pa sabata 36, ndipo pa masabata 48 ndi makilomita 1,728. Tchulani nambala imodzi yokhayo, mupume pang'ono kuti ilowe m'makutu. Mukaunjika manambala asanu palibe amene adzagwire ngakhale imodzi. Ndipo itsimikizidwe ndi wowayang'anira, chifukwa anzawo a ntchito adzakhala pomwepo, mukakokomeza adzadziwa.

Pakati pa zoyankhula zanu mutha kunena chonchi, mukonze molingana ndi zimene akuuzeni: "Ambirife tisanadzuke, mayiwa amakhala ali kale panjira, bokosi la katemera paphewa, sikelo ndi kaundula m'chikwama. Bokosilo salitsegula chisawawa, poti katemera akatenthedwa amatha mphamvu. Akafika sayamba ndi kupuma, amayamba ndi mwana amene akuoneka wofooka kuposa onse."

Mphunzitsi: Malonje asadye nthawi. Funsani wotsogolera mwambo mndandanda wa alendo, mutchule mlendo wolemekezeka ndi ena ochepa, otsalawo muwaphatikize. Theka la mphindi likwane. Werengani mokweza mutagwira wotchi, chifukwa papepala zimaoneka zazifupi. Ine ndinganenenso kuti "dokotala wathu wakumudzi amene wapulumutsa miyoyo mazanamazana", n'kutchula wodwala mmodzi amene anachira, kuti zikhudze mitima.

Namwino wopuma: Za wotchi ndagwirizana nanu aphunzitsi, koma zinazo ayi. Atchuleni ndi udindo wawo weniweni monga walembedwera pa kalata ya mwambo. Kumudzi anthu amatha kuwaitana adokotala mwaulemu, koma pamaso pa akuluakulu a zaumoyo mungawachititse manyazi, zikhala ngati amadzitcha okha. "Mazanamazana" anawerenga ndani?

Za wodwala ndiye samalani kwambiri. Dzina kapena matenda a munthu musatchule popanda chilolezo chake, makamaka HIV ndi TB. Ngakhale mubise dzina, mukangoti "mayi wa mapasa wa kutsidya kwa mtsinje", mudzi wonse wamudziwa. Nenani luso lawo m'malo mwake. Amawerenga mpweya wa mwana kwa mphindi yathunthu, ndipo wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa, chimenecho chikhoza kukhala chibayo. Amakulunga kalamba pamkono wa mwana, kakaonetsa pofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, amadziwa kuti kunyentchera kwafika poopsa ndipo amamutumiza kuchipatala. Pa mwambo musatchule manambalawa, ingonenani kuti "amadziwa mwana woti amuthandize pomwepo ndi mwana woti athamangire naye kuchipatala". Anzawo a ntchito akamva zimenezo adzadziwa kuti munafufuza.

Wa komiti ya zaumoyo m'mudzi: Kwathu mlangizi njinga yake inaduka tcheni chaka chatha, mpaka lero akuyenda wapansi. Bwana, musakangotamanda kuyendako ngati ndi chinthu chabwino. Akuluakulu akhala pomwepo, apempheni njinga, jombo ndi chovala cha mvula. Satifiketi siwolotsa munthu mtsinje.

Mphunzitsi: Koma tsikulo ndi la mayiwo, si la madandaulo. Mlendo wolemekezeka akaona ngati akudzudzulidwa pagulu, amene angavutike pambuyo pake ndi mayi omwewo.

Wa komiti ya zaumoyo m'mudzi: Nanga tikanena liti? Chiganizo chimodzi chokha: "Tikuthokoza miyendo imeneyi, ndipo pempho lathu ndi lakuti chaka chamawa ulendowu uwapepukire." Palibe amene watukwanidwa pamenepo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Za pempho ndikawafunsa eni ake kaye, akakana ndilisiya. Ndawaimbira posachedwapa, akuti makilomita sawadziwa, amangodziwa kuti ndi maola awiri, ndipo nthawi ya dzinja atatu chifukwa amazungulira mtsinje ukadzaza. Ndikayeze mtundawo?

Namwino wopuma: Musavutike, nenani maolawo. Aliyense amene adzakhale pamenepo anayendapo maola atatu m'matope, adzamva m'miyendo mwake. Muwafunsenso mmene amafunira kuti dzina lawo litchulidwe, ndipo mulitchule kawiri, poyamba ndi pamene mukuwapempha kuti aimirire.