Nkhwangwa yopsa kukamwa pagalayindala: ndiipale kapena ndiiwotchenso?

Akuluakulu amisiri a kuno ku Lilongwe, ndithandizeni nzeru. Ku Mchesi kuno anthu akumabweretsa nkhwangwa zosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, zitanoledwa kale pagalayindala ya m'manja mpaka kukamwa kwake kwasanduka buluu.

Poyesa chitsulo ndimagwiritsa ntchito tupa yatsopano. Pachitsulo cholimba tupa imaterereka n'kumalira mopyapyala, pomwe pachofewa imaluma n'kugwetsa tizidutswa. Pankhwangwa ili pano, tupa ikuterereka chakumtunda koma ikuluma pamamilimita 3 a kukamwa, penipeni pamene pali buluu. Mtundu umenewo umabwera chitsulo chikafika madigiri pafupifupi 300, pomwe wa udzu wouma umayamba cha m'ma 220. Kukamwa n'kopyapyala, kutentha kumasowa kothawira, ndiye kumapsa m'kanthawi kochepa. Mwini wake akuti ikumapindika akangodula mtengo wouma.

Funso langa ndi ili: kufewako kumalowa mpaka pati? Ndikapala mamilimita atatuwo mopepuka, n'kumaviika m'madzi chala chisanayambe kumva kutentha, ndipeza chitsulo cholimba kumbuyo kwake, kapena ndiiwotche pamakala mpaka maginito asiye kugwira n'kuilimbitsanso? Ngati n'kuwotcha, inu mumaviika mu oyilo kapena m'madzi? Madzi ndimawaopa chifukwa amang'alula sipuling'i.

Nanga magetsi akathima, mwala wonolera wothira madzi ungachotse mamilimita amenewa, kapena ndiyambe ndi tupa poti pamenepo pafewa kale?