Kodi wantchito mmodzi amadya ndalama zingati kwenikweni? Thandizeni kuwerengera

Amake Tiza: Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi sitolo ya zaulimi kuno ku Chipata, cha ku Down Shops. Ndimagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda. Mvula ikayandikira anthu amachuluka moti ndekha sindikwanitsa, ndiye ndikufuna kulemba munthu mmodzi woti azindithandiza kugulitsa. Ndaganiza zomupatsa K2,330 pamwezi, ndiye kuti beziki K1,500, ya nyumba K450, ya mayendedwe K200 ndi ya chakudya chamasana K180. Amuna anga akuti tingochulukitsa ndi 12, zikwana K27,960 pachaka, nkhani yatha. Ine mtima ukukana, chifukwa munthuyo ndiyenera kumuphunzitsa, ndipo mwina sadzakhala woyenera. Amene munalembapo anthu ntchito, mumawerengera bwanji mtengo wake weniweni? Sindikufuna kulonjeza mwana wa mwini malipiro amene ndidzalephera mu Juni malonda akazizira.

Chisomo wa ku Kapata: Amayi, ine ndilipo. Ndinamaliza giredi 12 ndipo ndinagulitsapo mu sitolo ya zitsulo. Ndingayambe ngakhale mawa.

Amake Tiza: Zikomo mwanawe, koma sindinafike polemba. Ndikali kuwerengera ngati ndingakwanitse.

Bambo Phiri, osunga mabuku a ndalama: Amake Tiza, mtima wanu ukunena zoona. K2,330 ndi imene munthuyo amalonjezedwa, koma imene imachoka m'thumba mwanu ndi yoposa pamenepo. Tiyeni tiyambe ndi zimene lamulo limafuna.

Ku NAPSA, bungwe la penshoni, wantchito amadulidwa 5 peresenti, inunso olemba ntchito mumaikapo 5 peresenti yanu pa malipiro onse. Pa K2,330 gawo lanu ndi K116.50. Ku NHIMA, inshuwaransi ya zaumoyo, mumaikapo 1 peresenti ya beziki, yomwe ndi K15. Izi n'zochepa ndipo anthu ambiri amazidziwa. Zimene zimagwetsa anthu ndi ziwiri zimene sizioneka kumapeto kwa mwezi chifukwa zimaunjikana mwakachetechete. Choyamba ndi tchuthi. Lamulo la ntchito la 2019 limapatsa wantchito masiku awiri pa mwezi uliwonse umene wagwira. Mukagawa K2,330 ndi masiku 26 n'kuchulukitsa ndi 2, mupeza pafupifupi K180. Kaya apite kutchuthi inu n'kupeza womugwirira, kaya mudzamulipire masikuwo pochoka, ndalamayo idzatuluka basi. Chachiwiri ndi giratuwiti. Mukamulemba pa kontirakiti ya nthawi yoikika, pamapeto pake ayenera kulandira 25 peresenti ya beziki yonse imene walandira. Pa K1,500 ndi K375 mwezi uliwonse.

Mukaphatikiza zonsezi mufika pa K3,016.50 pamwezi, pachaka pafupifupi K36,200. Kusiyana kwake ndi masamu a bambo a kunyumba ndi K8,200 ndi kanthu, ndipo sitinayambe n'komwe za kuphunzitsa. Palinso ya Workers' Compensation, ya ngozi za pantchito, imene imalipidwa molingana ndi mtundu wa bizinesi. Muipite mukaifunse, makamaka poti mnyamata kapena mtsikanayo azinyamula matumba a makilogalamu 50 ndi kugwira mankhwala.

China, K2,330 yanuyo yayandikana ndi K2,313.10 imene inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2024 ngati malipiro otsikitsitsa, koma imeneyo ndi ya gulu lapansi. Antchito a m'sitolo anagawidwa m'magulu, ndipo wogulitsa kapena wosunga ndalama ali pamwambapo. Mukafunse ku ofesi ya Leba gulu la munthu amene mukufunayo musanasainirane.

Mabvuto Z.: A Phiri mukuwaopseza amayiwa. Muikeni pa pulobeshoni miyezi 6, nthawi imeneyo kulibe NAPSA kulibe chiyani. Akavuta mumangomuuza kuti mawa usabwere. Ife timatero.

Bambo Phiri: A Mabvuto, mwalondola theka. N'zoona kuti pa pulobeshoni kusiyana n'kosavuta, chidziwitso chake ndi cha maola 24. Koma pulobeshoni ndi ya miyezi itatu, ndipo mukafuna kuwonjezera ina itatu muyenera kumudziwitsa, osati kungokhala chete. NAPSA imayamba ndi malipiro oyamba, ndipo mukachedwa pamabwera chindapusa pamwamba. Miyezi itatu ikadutsa osanena kanthu, munthuyo amatengedwa kuti mwamuvomereza, ndiye kumuchotsa kumafuna chifukwa chomveka, kumumva mbali yake, ndi chidziwitso cha masiku 30 kapena malipiro ake.

NaBanda wa ku Katete: Ine za malamulo ndisiyira a Phiri. Ndinene za kuphunzitsa, poti malonda athu ndi amodzi. Amake Tiza, sitolo ya zaulimi si ya shuga ndi sopo ayi. Mlimi akalowa safunsa mtengo wokha. Amati, "Udzu wandivuta m'chimanga, ndithire chiyani?" Wogulitsa akapanda kudziwa, amangotola botolo limene lili pafupi.

Mtsikana amene ndinali naye chaka chatha anali waulemu, wosaba ngakhale ngwee imodzi. Tsiku lina ndili ku banki kunabwera bambo wina amene chimanga chake chinali chitafika m'mawondo, akufuna mankhwala a udzu. Mtsikanayo anawapatsa gilayifoseti, osadziwa kuti ameneyo sasankha, amapha chilichonse chobiriwira. Patapita mlungu ndi theka bambowo anabwera ndi mapesi atatu achikasu atawamanga ndi luzi, nawaika pa kauntala osalankhula. Theka la eka linapsa. Ndinawabwezera mbewu ndi thumba la yureya, zonse pamodzi K1,900, koma chimene chinandipweteka n'chakuti a m'kalabu yawo ya alimi sanagulenso kwa ine chaka chimenecho. Palinso atirazini amene ndi wabwino m'chimanga koma amawononga soya ndi nshawa. Zoterezi munthu sazidziwa pa mlungu umodzi. Ndiye a Phiri, zimenezi mumaziika pati m'masamu anu?

Bambo Phiri: Mwafunsa bwino, mayi. Ine ndimazigawa pawiri, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, Amake Tiza aikemo awo.

Mtengo wa kuphunzitsa ndi malipiro amene mukupereka pa ntchito imene sinayambe kugwirika mokwanira, kuphatikizapo nthawi yanu. Tinene kuti mwezi woyamba munthuyo akugwira theka la zimene wozolowera angagwire. Ndiye kuti pa K3,000 ija, K1,500 yapita ku kuphunzira. Mwezi wachiwiri ndi wachitatu akugwira magawo atatu mwa anayi, mukutaya K750 mwezi uliwonse. Pamodzi K3,000. Tsono nthawi yanu. Eni masitolo ambiri amaiona ngati yaulere, koma si yaulere. Ngati mumapita kukagulitsa ku Chadiza kapena ku Vubwi n'kubwerako ndi phindu la K400 paulendo, ndipo mwalephera maulendo anayi chifukwa simungamusiye yekha, imeneyo ndi K1,600. Onjezani K400 ya kusaka munthuyo, mafoni, ovololo ndi magolovesi. Kuphunzitsa kwakwana K5,000. Choncho chaka choyamba munthu wabwinobwino, wosalakwitsa kanthu, mumuwerengere K36,200 ya malipiro ndi K2,000 ya nthawi yanu ndi kumusaka, zonse K38,200, podziwanso kuti K3,000 ya m'malipiromo sinakubweretsereni ntchito.

Mtengo wa kusankha molakwika ndi wina. Tinene kuti pakutha pa mwezi wachitatu mwaona kuti sizikuyenda ndipo mwasiyana. K5,000 ija yapita yonse, chifukwa wotsatira mudzayamba naye pachiyambi. Onjezani zowonongeka ngati K1,900 ya a NaBanda, ndi katundu wosowa powerenga, tinene K1,000. Mwafika pafupifupi K8,000, osawerengera makasitomala othawa. Kenako dzifunseni moona mtima: mwa anthu anayi amene ndingalembe, ndi angati angakhale olakwika? Mukati mmodzi, gawani K8,000 ndi 4, muike K2,000 pambali. Chaka choyamba chafika pa K40,000 ndi kanthu, pamene munayambira pa K27,960.

Amake Tiza: Mayo ine. Ndiye ndingadziwe bwanji kuti sitolo ingathe kusenza zimenezi?

Bambo Phiri: Yang'anani phindu, osati ndalama zolowa m'kabati. K40,200 pachaka ndi K3,350 pamwezi. Ngati pa katundu wa K100 mumatsala ndi K10, munthuyo ayenera kubweretsa malonda owonjezera a K33,500 mwezi uliwonse kuti angodzilipira yekha. Mu Novembala ndi Disembala mwina n'zotheka kawiri konse. Mu Juni n'zokayikitsa. Tsegulani buku lanu la chaka chatha muone mwezi ndi mwezi, muganizirenso anthu amene ankabwerera pakhomo chifukwa cha mzere kapena chifukwa munatseka kupita kukaoda.

Agogo Tembo: Mwana wanga, masamu onsewa achuluka. Tenga mwana wa mlongo wako, adye pakhomo, umpatse kangachepe. Chibale ndi fupa, sichiola. Mlendo adzakubera.

NaBanda wa ku Katete: Agogo, ndi ulemu wonse, wachibale ndiye wodula kwambiri akakhala wolakwika. Mlendo mumasiyana naye mwezi wachitatu. Mwana wa mlongo wanu mumamusunga chaka chonse mukuona katundu akuchepa, chifukwa mukuopa nkhani kumudzi ndi pamaliro. K8,000 ya a Phiri ija imangokulirakulira. Komanso wachibale naye ndi wantchito, akakwiya njira ya ku Leba amaidziwa.

Mabvuto Z.: Katundu akasowa mumangodula pa malipiro ake, simutaya kanthu.

Bambo Phiri: Kudula malipiro mwa inu nokha, popanda umboni ndi popanda kumumva, ndiko kumabweretsa milandu yambiri. Chothandiza n'kuwerenga katundu limodzi Loweruka lililonse, nonse n'kusaina m'buku. Mukatero vuto mumaliona lili pa K200, lisanafike pa K2,000. Zizindikiro za munthu wolakwika zimaoneka msanga: pofika mlungu wachitatu akufunsabe mtengo wa katundu yemweyemweyo, akuyankha mlimi molimba mtima pa chinthu chimene sakuchidziwa m'malo mokuitanani, kapena ndalama ndi malisiti sizigwirizana madzulo.

Esnart M.: Funso langa ndi la giratuwiti. Kwathu anatiuza kuti olembedwa mokhazikika salandira, ndi a kontirakiti okha. Ndiye Amake Tiza akamulemba mokhazikika, K375 ija sichoka?

Bambo Phiri: Pamenepo anthu amatsutsana, ngakhale m'makhoti nkhaniyi yakhala ikukokedwa uku ndi uku. Koma wokhazikika naye ali ndi mtengo wake: mukamuchotsa chifukwa ntchito yachepa, mumamulipira beziki ya miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira. Ine ndikanasungabe K375 ija mwezi ndi mwezi mu akaunti yapadera, kaya mwasankha njira iti.

Amake Tiza: Ndatsegula buku. Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale munthuyo angadzilipire bwinobwino, koma miyezi inayo ayi, pokhapokha nditayamba kugula soya ndi nshawa nthawi yokolola, iye n'kumatsala m'sitolo. Ndikuganiza zomulemba mu Ogasiti kuti aphunzire mankhwala kusanadzaze anthu, ngakhale zitanthauza kulipira miyezi iwiri ya malonda ozizira. Koma nanga ndikamulemba wa nyengo yokha, miyezi 7, n'kumusiya mu Malichi, si ndiye kuti K5,000 ya kuphunzitsa ndiziilipira chaka chilichonse? A NaBanda, anthu a nyengo amabwereranso chaka chotsatira?

NaBanda wa ku Katete: Ena amabwerera, makamaka amene ali ndi munda wawo ndipo amafuna kukakolola mu Epulo. Koma wochenjera amene waphunzira bwino mankhwala, sitolo ina imamutenga musanamuitane. Wanga wabwino ndinamusunga chaka chonse, miyezi yozizira ndimamutuma ku sikelo ya soya. Inu muone kaye ngati ndalama yogulira soyayo muli nayo, chifukwa popanda imeneyo adzangokhala pa mpando kuyambira Epulo mpaka Ogasiti.