Kalata ya umboni ya mnyamata amene ndinamuchotsa ntchito, ndilembemo chiyani?

Abale anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kagolosale pa Lizulu ku Ntcheu. Mnyamata wina anandigulitsira katundu zaka ziwiri. Wolimbikira ndithu, sankachedwa, makasitomala ankamukonda. Koma miyezi yomaliza ndalama zinkaperewera m'kabati, kawiri konse, ndipo ndinamuchotsa nditamva mbali yake. Sindinamugwire akuba, kupolisi sitinapiteko.

Tsopano wapeza mwayi pa sitolo ina ku Dedza boma, ndipo abwana akumeneko akufuna kalata yochokera kwa ine. Ya satifiketi yosiyira ntchito ndikuidziwa: Employment Act ya 2000 imati ndilembe masiku amene anayamba ndi kusiya, ntchito yake ndi malipiro, chifukwa chomuchotsera ndisalembe pokhapokha mwini wake atapempha. Imeneyo ndinamupatsa kale.

Chandivuta n'chakuti iwo afunsa mwachindunji kuti, kodi ndi wokhulupirika pa ndalama? Ndikalemba kuti ndi wakuba popanda umboni, angandisumire mlandu woipitsa mbiri. Ndikangomuyamikira, mawa zikasowa kumeneko adzati ndinawanamiza. Kodi kulemba kuti "kawiri ndalama zinaperewera pa nthawi imene iye anali pa kauntala", osawonjezera kanthu, kunganditeteze poti n'zoona ndipo zili m'kaundula? Kapena funso limenelo ndingokana kuliyankha?